Musanagule Mbuzi, Iyasamulitseni

Sabata ino ndafuna kuti tikambirane za nkhani imene imabuka chaka ndi chaka m'gulu lathu la amayi kuno ku Domasi, makamaka ikafika nthawi yogawana ndalama za banki m'khonde. Mayi akalandira kangachepe kake, amakamanga pa nsonga ya chitenje, nkubwera kwa ine madzulo nati: "Amayi apampando, kwathu kulibe ngakhale chiweto chimodzi cha miyendo inayi. Kodi ndiyambe ndi ng'ombe kapena mbuzi?" Funso limeneli ndalimva kambirimbiri, ndipo yankho lake sindinaliphunzire m'kalasi, pakuti ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndinaliphunzira ndi misozi, ndipo ndayesa nkwabwino kukuuzani momwe zinandiyendera kuti inu musadzapunthwe pa chitsa chomwecho.

M'chaka cha 2016, chaka cha njala chija, ndinagulitsa matumba a mpunga amene ndinapeza ku dimba la kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, ndipo ndinapita ndekha ku msika wina kukagula mbuzi ziwiri. Munali mu Febuluwale, mitengo ili yotsika chifukwa anthu anali kugulitsa ziweto kuti agule chimanga. Ndinasankha yaikulu msinkhu ndi ina ya mawangamawanga imene inandikongolera m'maso. Wogulitsa anandiuza kuti zonse ndi misoti, ine ndinavomera, ndinalipira, ndi kuzikoka ulendo wa kumudzi mtima uli m'mwamba. Khola ndinalibe, choncho zinagona m'khitchini pa dothi lonyowa. Ya mawanga ija inayamba kutupa kunsi kwa chibwano, inafooka, ndipo pasanathe masabata atatu inafa. Yaikulu ija inakhala nane chaka chathunthu osatenga bere, ndipo tsiku limene mlangizi wa ziweto anaiyasamulitsa tinapeza kuti m'kamwa mwake munatsala zitsa za mano zokhazokha. Ndinali nditagula nkhalamba. Pajatu akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tsono tiyambe ndi funso lija la ng'ombe. Palibe mayi amene sasirira ng'ombe ya mkaka. Timamva za anzathu a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje amene amagulitsa mkaka kudzera m'magulu a bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, ndipo mtima umati nanenso nditero. Koma walira mvula walira matope. Ng'ombe ya mkaka imadya nsenjere wolemera ngati thumba lathunthu la makilogalamu 50 tsiku lililonse, ndipo imamwa ndowa zitatu kapena zinayi za malita 20, dzinja ndi chilimwe chomwe. Taganizani za munda wanu: ambirife kuno ku chigwa cha Domasi tili ndi malo ochepa amene chimanga, nandolo ndi chinangwa zikupanikizana kale. Nsenjereyo mudzaudzala pati? Nanga mu Okutobala, zitsime zikayamba kuphwa, adzasenza ndowa zinayizo ndani, si inu nomwe? Ng'ombe yachikuda, imene timaiona ikudya m'madambo a ku Nyanja ya Chilwa, ndi yopirira, koma imafuna busa ndi mbusa, imakhala ndi bere miyezi 9, ndipo kawirikawiri simabereka chaka ndi chaka. Choopsa koposa nchakuti chuma chonse chimakhala pa mutu umodzi. Ikadwala matenda a nkhupakupa nkufa, mwabwerera pa chiyambi. Mbuzi zitatu ikafa imodzi, ziwiri zimatsala. Mwana akadwala kapena fizi ikavuta, mungathe kugulitsa mbuzi imodzi, koma simungagulitse mwendo umodzi wa ng'ombe. Nchifukwa chake ine ndimauza woyamba kumene kuti ayambe ndi mbuzi, ndipo mbuzizo ndi zimene zidzamugulira ng'ombe m'tsogolo ngati malo ndi madzi zilipo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, ndikufotokozerani momwe tinachitira ndi mng'ono wanga m'gulu, mayi wamasiye wa ana anayi, m'chaka cha 2021. Iye anali ndi K90,000 yake, ndipo gulu linamuonjezera K60,000 pa pangano lakuti adzabweza misoti iwiri imene tidzapatse mayi wina. Zonse pamodzi zinakwana K150,000. Mitengo imeneyi ndi ya nthawi imeneyo, pakuti kwacha itachepetsedwa mphamvu mu 2022 ndiponso mu Novembala 2023 zonse zinakwera, koma kagawidwe kake sikanasinthe. Iye anafuna kugula mbuzi zisanu ndi ndalama yonseyo. Ine ndinakana. Tinapatula K90,000 ya mbuzi zitatu, K35,000 ya khola, K10,000 ya mankhwala, mchere ndi zingwe, ndipo K15,000 tinaisiya m'bokosi la gulu kuti idzathandize pa tsiku la tsoka. Anandiyang'ana mokhumudwa nati: "Achemwali, ndalama ya mbuzi ziwiri zathunthu ithere pa mitengo ndi misomali?" Ndinamukumbutsa za khitchini yanga ya 2016, ndipo anakhala chete.

Pa mwambo wathu timati usagule mbereko mwana asanabadwe, koma pa mbuzi mwambiwo umatembenuka: khola liyambe, mbuzi zitsatire. Mbuzi imadana kwambiri ndi chinyezi. Ikagona pa matope osakanikirana ndi ndowe zake imagwidwa chibayo, ziboda zimaola, ndipo njoka za m'mimba zimachuluka. Choncho tinamanga khola la m'mwamba, pansi pake potalika mita imodzi kuchoka pa dothi, kuti munthu azitha kulowetsa khasu ndi kukokolola manyowa. Mitengo yoyala pansi tinaisiyanitsa mpata wolowa chala chimodzi chokha. Mpata ukachepa ndowe sizigwa, ndipo ukakula kamwana ka mbuzi kamalowetsa mwendo nkuthyoka. Kukula kwake tinapima mamita atatu m'litali ndi awiri m'lifupi, poganizira ana odzabadwa, ndipo mbali imodzi tinadula kachipinda ka mbuzi yodwala kapena yongobereka kumene. Denga linali la udzu wofolera bwino, mbali yochokera mphepo ya m'phiri la Zomba tinatchinga, ndipo chitseko tinaika loko, chifukwa fisi wa miyendo iwiri ndiye wachuluka masiku ano.

Nthawi yogulira nayo ili ndi nzeru yake. Mu Januwale ndi Febuluwale mbuzi zimatsika mtengo, koma ndi nthawi yomweyo imene zimakhala zoonda, zomangidwa pa chingwe, ndiponso zodzaza ndi njoka za m'mimba. Kukayandikira Khirisimasi, kapena Idi yozinga ziweto ya abale athu achisilamu amene ndi ambiri kuno kwathu, mitengo imakwera. Ife tinagula mu Meyi, anthu atayamba kukolola, pamene masangwi a mtedza ndi zotsalira za m'munda zinali paliponse, kotero kuti mbuzi zinafikira pa chakudya chokwanira.

Sitinathamangire ku msika. Msika wa Songani uli pafupi nafe ndipo ndi wothandiza pa zambiri, koma pa msika uliwonse mbuzi imaima yokha, yopanda mbiri. Simudziwa mayi wake, simudziwa chimene mwini wake waigulitsira. Dzifunseni nokha: munthu akafuna kuchotsa mbuzi imodzi m'khola mwake, amayamba ndi iti, yobereka mapasa kapena yovuta? Ife tinafunsafunsa m'midzi mpaka tinapeza makomo awiri oweta mbuzi kwa zaka zambiri, ndipo tinapitako m'mamawa zisanatsekuliridwe. M'mawa ndi pamene khola limanena zoona. Mumaona ndowe za usiku ngati zili zoumbika ngati nsawawa kapena zamadzi, mumamva ngati ilipo yotsokomola, ndipo potuluka mumaona imene ikutsalira m'mbuyo kapena kutsimphina.

Tsopano nali phunziro limene linandidyera matumba a mpunga. Mbuzi simanama zaka zake ngati mwaiyasamulitsa. Kutsogolo kwa kamwa lake, m'mwamba mulibe mano, muli nkhama yolimba chabe, choncho musadabwe. Mano ali m'munsi, ndipo alipo 8. Mbuzi yosakwana chaka imakhala ndi mano onse aang'onoang'ono, oyera, a ubwana. Ikapitirira chaka, awiri apakati amaguluka ndipo pamamera awiri aakulu, otambalala ngati makasu. Pofika zaka ziwiri aakuluwo amakhala anayi, pa zaka zitatu amakhala 6, ndipo pa zaka zinayi onse 8 amakhala aakulu. Kuchokera pamenepo amayamba kuperepeseka, kutalikirana, kugwedera ndi kuguluka. Pano mpofunika kusamala, chifukwa mano operepeseka a nkhalamba amaoneka aafupi, ndipo wosadziwa angawayese a ubwana. Kusiyana kwake nkwakuti a nkhalamba amakhala achikasu, a mipata, ndipo nkhama zake zimakhala zitabwerera m'mbuyo. Woyamba kuweta agule msoti wa mano aakulu awiri, kapena mkota wa mano anayi umene unaberekapo kale ndipo mwana wake mwamuona ndi maso anu.

Pa khomo loyamba, bambo wa pamenepo anatilozera mbuzi yonenepa bwino nati: "Mayi, tengani iyi, simudzandiiwala." Ndinaigwira chibwano ndi dzanja lamanzere, nkutsitsa mlomo wa m'munsi ndi chala chachikulu, ndipo ndinapeza mano onse 8 aakulu, awiri akugwedera. Ndinati: "Bambo, iyi ndi anganga, isiyeni ipume pakhomo pano." Anaseka kwambiri nati: "Kani amayi a masiku ano mwachenjera chotere!" Atatero anatitulutsira misoti iwiri ya mano awiriawiri, ndipo tinagwirizana K28,000 umodzi. Mkota wa mano anayi tinaupeza pa khomo lachiwiri pa mtengo wa K34,000, ndipo mwana wake woleka kuyamwa anali pomwepo, wonenepa bwino. Kugula m'makomo awiri kunatithandizanso kuti mbuzi zonse zisakhale za magazi amodzi.

Mukachoka pa mano, pitani ku diso. Itembenuzireni mbuziyo ku dzuwa, mutsitse chikope cha m'munsi, ndipo muyang'ane mnofu wa m'kati mwake. Ukakhala wofiira, mbuziyo ili ndi magazi okwanira. Ukakhala wotuwa, kapena woyera ngati pepala, dziwani kuti njoka za m'mimba zaiyamwa magazi, ngakhale kunja ioneke yosalala. Kutupa kofewa kunsi kwa chibwano, konga kuja kwa mbuzi yanga ya mawanga, ndi chizindikiro chakuti vutolo lafika patali. Kwa ife okhala pafupi ndi madambo ndi minda ya mpunga palinso tizilombo ta m'chiwindi timene timafala kudzera mu nkhono zazing'ono za m'madzi, choncho funsani kumene mbuziyo imadya ndi kumwa. Kenako gwirani bere lake: likhale lofewa, lopanda zotupa zolimba, mawere awiri ofanana. Mkota wa bere louma mbali imodzi sungalere mapasa. Kwezani mchira muone ngati kumbuyo kuli kouma, ndipo muyang'ane nkhupakupa pansi pa mchirapo, m'makutu ndi pakati pa ziboda. Pakamwa pasakhale nkhanambo, ndipo khungu lisakhale lothothoka ubweya chifukwa cha mphere. Pomaliza funsani mafunso atatu: mayi wake amabereka mmodzi kapena awiri, kodi inatayapo bere, nanga mukuigulitsiranji?

Wina adzakuuzani kuti mugule mbuzi zazikulu za mtundu wa Boer, zoyera thupi ndi zofiira mutu, zochokera ku South Africa. Nzoona kuti zimakula msanga ndipo zili ndi nyama yambiri, koma zimafuna chakudya chabwino ndi mankhwala pafupipafupi, ndipo sizipirira matenda a kuno monga zimachitira zachikuda. Yambani ndi zachikuda. Dzanja likazolowera, mudzabwereke tonde wa mtunduwo kuti akwere mikota yanu yaikulu, osati timisoti tating'ono timene tingavutike pobereka.

Musachoke pa khomo la wogulitsa popanda mboni ndi kalata. Ife tinalemba m'kope la gulu tsiku, mtengo, mtundu wa ubweya ndi zizindikiro za mbuzi iliyonse, ndipo a nyakwawa a mudziwo anatilembera kalata yotsimikiza kuti mbuzizo zagulidwa mwachilungamo. Ngati mukuchokera nazo kutali, pitaninso kwa alangizi a ziweto kuti akupatseni chilolezo choyendetsera ziweto. Mbuzi yotsika mtengo modabwitsa, yogulitsidwa kumdima, idzakugonetsani m'chitokosi. Ndiponso, amayi anzanga, kope lomwelo linene poyera kuti mbuzi nza yani. Kambiranani ndi abambo a kunyumba musanagule, ndipo adziwenso a malume a ana. Ndaona ndi maso anga mbuzi zogulidwa ndi thukuta la mayi zikutengedwa pa maliro kapena pa kutha kwa ukwati, chifukwa panalibe cholembedwa.

Titafika nazo kumudzi, sitinazilole kusakanikirana ndi za anansi kwa masabata atatu. Matenda ena amabisala m'thupi masiku angapo asanaonekere, ndipo mbuzi yachilendo ikamasulidwa msanga imathanso kulondola njira ya kwawo. Tinali kuzipatsira chakudya m'khola momwemo: udzu, masangwi, masamba a lukina pang'ono osakaniza ndi zina, kamkono ka madeya, madzi oyera ndi mchere. Pa tsiku lachiwiri tinaitana mlangizi amene anazimwetsa mankhwala a njoka ndi kuzipopera a nkhupakupa. Musamapime mankhwalawa mongoganizira, pakuti muyeso wake umatsata kulemera kwa mbuzi, ndipo ena mwa iwo amaononga bere likakhala laling'ono. Tinatolanso majumbo onse pabwalo, chifukwa mbuzi imawameza, amakatsakamira m'mimba, ndipo imaonda pang'onopang'ono mpaka kufa popanda mankhwala oithandiza.

Tonde sitinagule, chifukwa tonde mmodzi amakwanira mbuzi zazikazi 20 kapena kuposerapo, ndipo kumusunga chifukwa cha zitatu nkuononga ndalama. Tinabwereka wa m'mudzi wina, wosakhala pa chibale ndi mbuzi zathu. Mbuzi ikafuna tonde imalira kawirikawiri, imagwedeza mchira, ndipo kumaliseche kwake kumatupa pang'ono. Izi zimatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ikapanda kutenga bere zimabweranso pakatha masabata atatu. Bere lake ndi la miyezi isanu. Zathu zinakweredwa mu Juni, ndipo mu Novembala 2021 misoti inabereka mmodzimmodzi, mkota unabereka mapasa. Mwa ana anayiwo mmodzi anafa mu Januwale ndi kutsekula m'mimba, mvula ili pakati. Sindikubisirani: ana obadwa m'dzinja amavuta kulera, ndipo tikanadikira kuti azibadwa mvula ikamatha, mwina sitikanataya. Mu Ogasiti 2022 kunabadwa ena asanu, ndipo anayi anakula. Motero pofika kumayambiriro kwa 2023 m'khola munali mbuzi 10. Mng'ono wanga anabweza misoti iwiri ku gulu, nagulitsa atonde awiri kuti mwana wake wamkazi apitirize sekondale, ndipo anatsala ndi 6.

Mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo osalekeza m'chigawo chino cha kummwera, madzi anayenda pabwalo lake usiku wonse. M'mawa ndinathamangirako mtima uli phaphapha. Ndinamupeza ataima pa makwerero a khola, mbuzi zonse 6 zili gone m'mwamba, zikubzikula, zouma. Anandigwira dzanja nati: "Achemwali, ija ndinkati ndalama yothera pa misomali ndi imeneyi."

Komabe musaganize kuti mavuto atha. M'dzinja mbuzi ziyenera kumangidwa kapena kudyera m'khola, chifukwa ikadya chimanga cha mnansi, chindapusa chake chingathe kukulandani mbuziyo, ndi ubale womwe. Musazitulutse mame asanaume, pakuti ana a njoka za m'mimba amakwera pa udzu wonyowa, ndipo chikhomo chomangirapo muzichisuntha tsiku ndi tsiku. Ntchito imeneyi isalepheretse mwana kupita ku sukulu, chifukwa mbuzi tikuzigula kuti ana aphunzire.

Msoti umodzi mwa iwiri imene mng'ono wanga anabweza uli tsopano ndi mayi wachitatu, ndipo lamulo la gulu lathu ndi lomwe lija: sitipereka mbuzi kwa munthu amene khola lake sitinakalione. Inu amene mwamanga kandalama pa nsonga ya chitenje chaka chino, yambani mwadula mitengo ya khola. Ndipo tsiku lokagula likafika, tengani mnzanu wodziwa, mulawire m'mamawa, ndipo musachite manyazi kugwira mbuzi ya eni chibwano ndi kuiyasamulitsa. Tsalani bwino, amayi, tidzachezanso sabata ya mawa.